Kutapa ndalama mu sako musanasiye umembala: mafunso ndi mayankho

Ndakhala mlembi wa komiti ya sako ya anthu ogwira ntchito muno mu Lusaka, bungwe limene mamembala amasungako ndalama ndi kubwerekako, ndipo makalata ambiri amene tinkabweza sanali a anthu opanda ufulu wotapa ndalama. Ufulu anali nawo, koma kalatayo inkanena zosiyana ndi zimene mwini wake ankafuna. Munthu akufuna K5,000 yokha, koma walemba mawu amene komiti ikawerenga ikuona ngati akutsanzika. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene mamembala ankandifunsa kawirikawiri.

Kodi ndingatape ndalama zanga popanda kusiya umembala?

Zimatengera thumba limene mukufuna kupisamo dzanja. Ambirife tinazolowera chilimba, pomwe ndalama imakhala imodzi ndipo tsiku lako likafika umatenga yonse. Mu sako ndalama imene mumapereka imagawidwa.

Pali ndalama yolowera, imene munapereka tsiku lolembetsa. Imeneyo kawirikawiri sibwezedwa, ndiye muiiwale. Pali masheya, amene amakupangani kukhala mwini wake wa sako pamodzi ndi anzanu, ndipo ndi amene amakupatsani mpando pamsonkhano waukulu wa pachaka. Masheya satapidwa ngati ndalama ya kubanki. M'masako ambiri mumawapeza pokhapokha mukusiya umembala, ndipo kwina sabwezedwa n'komwe, mumangowagulitsa kwa membala mnzanu komiti itavomereza.

Kenaka pali ndalama zosunga za mwezi ndi mwezi, zija amadula pamalipiro kapena mumakapereka nokha. Izi ndi zimene anthu amakanganirana, chifukwa ndi zanu ndithu, koma ndi zomwezonso zimene zimaima ngati chikole cha ngongole. Masako ena amalola kutapako gawo, ena amati sizikhudzidwa mpaka mutatuluka. Masako ena alinso ndi thumba lapadera, la sukulu kapena la Khirisimasi, limene mumatapa nthawi ina iliyonse. Musanalembe kalata, pemphani msungichuma akusindikizireni sitetimenti yoonetsa kuti muthumba lililonse muli zingati.

Ndani amakhazikitsa malamulo amenewa, boma kapena komiti?

Masako a m'Zambia amalembetsedwa pansi pa lamulo la makopaletivi, lamulo nambala 20 la chaka cha 1998, ndipo sako iliyonse polembetsa imapereka malamulo ake a m'kati kwa Rejisitala wa makopaletivi. Kuyambira mu 2021 nthambi ya makopaletivi ili mu unduna woona za mabizinesi aang'ono ndi apakati. Koma masiku odikira, ndalama yotsala m'buku ndi zina zotere muzipeza m'malamulo a sako yanu, ndipo zimasiyana kwambiri. Zimene mlamu wanu amachita ku sako ya kuntchito kwawo ku Kabwata sizingakhale umboni ku sako ya amalonda a pamsika wa Soweto.

Komiti ilibe mphamvu yopeka lamulo pamsonkhano wake. Imatsata zimene mamembala anavomereza pamsonkhano waukulu. Choncho pezani kope la malamulowo, muwerenge ndime ya kutapa ndalama ndi ndime ya kusiya umembala. Kalata imene yatchula nambala ya ndime imavuta kuibweza.

Ndidziwa bwanji ndalama imene ndingatape?

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza.

Mayi wina wa ku Matero ali ndi masheya a K2,000 ndi ndalama zosunga zokwana K24,000. Mwezi wa Okutobala wafika, akufuna K12,000 yoti atumize ku Katete agule feteleza ndi mbewu mvula isanagwe. M'maso mwake nkhani ndi yosavuta, chifukwa akungotenga theka la ndalama zake.

Msungichuma akatsegula buku amaona zina. Mayiyu ali ndi ngongole imene yatsala K9,000. Chaka chatha anasainiranso mnzake wa kuntchito amene ankatenga ngongole, ndipo gawo limene iye anaimira ndi K5,000. Malamulo a sako yawo amati membala aliyense azisiya K1,000 m'buku kuti likhale lamoyo.

Ngati malamulo akunena kuti ngongole yotsala iyenera kuphimbidwa yonse ndi ndalama zosunga, msungichuma achotsa K9,000, achotsenso K5,000 ndi K1,000. Pa K24,000 ija patsala K9,000. Imeneyo ndiyo ndalama yomasuka, ndipo pempho la K12,000 libwerera. Masheya a K2,000 salowa m'masamu amenewa.

Masako ena ndi ofewerapo. Poti amabwereketsa kuwirikiza katatu ndalama imene munthu wasunga, amangofuna kuti m'buku mutsale gawo limodzi mwa magawo atatu a ngongoleyo. Pamenepo ngongole ya K9,000 imanga K3,000 yokha, ndipo yomasuka ikhala K15,000. Mayi yemweyo, buku lomwelo, K12,000 yatuluka popanda vuto. Kusiyana kwa K6,000 kwachokera m'chiganizo chimodzi cha m'malamulo, n'chifukwa chake ndikuumirira kuti muwawerenge.

Tiyerekeze kuti sako yake ndi yokhwimitsa ija. Anthu ambiri amafulumira kunena kuti, "Ingodulani ngongoleyo pa ndalama zanga, zotsalazo mundipatse." Kuteroko kuli ndi ubwino wake, chifukwa chiongoladzanja chimaima ndipo malipiro a mwezi wamawa abwera odzaza. Koma sikuonjezera ndalama yotapa. Akadula K9,000 m'buku mutsala K15,000, kuchotsa K5,000 ya mnzake ndi K1,000 yotsalira, tabwerera pa K9,000 yomweyo. Chimene chingamutsegulire mayiyu khomo ndi K5,000 ya mnzake ija. Pakapezeka membala wina woimira ngongoleyo m'malo mwake, yomasuka ikwera kufika K14,000, ndipo K12,000 ikwanamo.

Nanga kalatayo ndilembe mawu otani?

Komiti ikamawerenga imafuna kudziwa zinthu zochepa: ndinu yani, mukutapa muthumba liti, zingati, mutsala zingati, ndipo mukhalabe membala kapena ayi. Kalata ya mayi uja, atapeza womulowa m'malo, ingakhale yotere:

Kwa a Wapampando,
Kudzera kwa a Mlembi,

PEMPHO LOTAPA GAWO LA NDALAMA ZOSUNGA

Ine (dzina lonse monga lilili pa reji), membala nambala (nambala), ndikupempha kutapa K12,000, kwacha zikwi khumi ndi ziwiri, pa ndalama zanga zosunga za mwezi ndi mwezi, molingana ndi ndime (nambala) ya malamulo athu.

Sitetimenti ya pa 30 Sepitembala ikuonetsa kuti ndili ndi K24,000. Ndikatapa mutsala K12,000. Ngongole yanga yotsala ndi K9,000, ndipo ndipitiriza kubweza monga mwa pangano. Ngongole ya membala nambala (nambala) imene ndinaimira ndi K5,000 yapeza woimira wina, ndipo fomu yake ndaphatikiza.

Sindikusiya umembala. Masheya anga akhale momwe alili, ndipo zopereka zanga za mwezi ndi mwezi zipitirire.

Ndalamayi itumizidwe ku akaunti ya dzina langa, (banki ndi nambala).

Ine wanu, (siginecha, tsiku, nambala ya reji ndi ya foni)

Chiganizo chakuti "Sindikusiya umembala" chisasowe. Chikasowa, mlembi amayamba kuganizira yekha zimene mukutanthauza, ndipo mlembi wosamala sangalole kuganizira m'malo mwanu pa nkhani ya ndalama. Ndalamayo ilembedwe m'manambala ndi m'mawu, kuti munthu wina asaonjezerepo ziro. Kutchula nokha ngongole ndi amene munawaimira kumafulumizitsa zinthu, popeza komiti ya ngongole iyenera kutsimikiza zimenezo kalata isanafike kwa osaina.

Masako ambiri a muno ali ndi fomu yosindikizidwa kale, nthawi zambiri ya m'Chingerezi, ndipo pena fomu imodzi yomweyo imakhala ndi bokosi la kutapa gawo ndi bokosi la kutuluka. Musachonge musanafunse kuti bokosi ili ndi la chiyani. Ngati pali fomu, dzazani fomuyo ndipo kalata ikhale yoperekeza. Phatikizani fotokope ya reji.

Ndi mawu ati amene amabwezetsa kalata?

Oyamba ndi akuti "ndikufuna ndalama zanga zonse". Zonse zikuphatikiza masheya, ndipo munthu wopanda masheya si membala. Komiti ina ibweza kalatayo kuti mufotokoze, koma ina iilandira ngati kalata yotsanzika n'kuyamba kuwerenga masiku otulukira, amene amakhala ambiri kuposa a kutapa wamba.

"Nditsekereni akaunti" ndi chimodzimodzi. "Lekani kundidula" akutanthauza kuimitsa zopereka, osati kutapa, ndipo m'masako ambiri munthu amene wakhala miyezi ingapo osapereka amalembedwa kuti ndi membala wogona, sangabwereke. "Mundibwezere zimene ndinapereka" samanena thumba, komanso amamveka ngati mukuitanitsa ndi ndalama yolowera yomwe.

Ndinaonanso makalata ambiri opanda chiwerengero, ongoti "mundipatseko pang'ono" kapena "mmene mungathere". Ndi ulemu wathu umenewo, ndipo ndimaumvetsa, koma msungichuma sangalembe vocha ya "pang'ono". Ngati simukudziwa malire anu, lembani kuti: "Ndikupempha K12,000, koma ngati ndalama yomasuka siikwana, ndikuvomera kulandira imene ilipo." Chiganizo chimenechi chimakupulumutsani mwezi wathunthu wodikira msonkhano wina.

Kodi ndiyenera kunena chifukwa chotapira?

Ngati malamulo sakufuna chifukwa, musadzivutitse. Ngati mukupempha kuti akufupikitsireni masiku odikira chifukwa cha matenda kapena maliro, pamenepo nenani m'chiganizo chimodzi ndipo muphatikize pepala la kuchipatala kapena lina loyenera. Madandaulo okhudza kayendetsedwe ka sako musawaike m'kalata imeneyi. Alembeni padera, chifukwa akasakanikirana komiti imathera nthawi pa dandaulo, pempho n'kugona.

Ndinasainira mnzanga ngongole. Ndingachotse dzina langa?

Simungadzichotse nokha. Pamene munasaina munalonjeza kuti mnzanuyo akalephera, sako idzatenga pa ndalama zanu, ndipo ngongole inaperekedwa podalira lonjezo limenelo. Mumamasuka ngongoleyo ikatha, kapena pakapezeka membala wina amene ali ndi ndalama yomasuka yokwanira, n'kusaina m'malo mwanu komiti ya ngongole itavomereza. Wofunafuna munthuyo amayenera kukhala wobwereka, koma kunena zoona, amene ali pachangu ndinu, choncho mudzayenda ndinu.

Funsaninso ngati sako yanu imachepetsa gawo lanu pamene ngongole ikubwezedwa. Kwina mnzanu akabweza theka, K5,000 yanu imatsika kufika K2,500. Kwina imakhala yomangidwa yonse mpaka ngwee yomaliza. Ndipo ngati mnzanuyo wayamba kale kudumpha miyezi, musayembekezere kuti komiti ikumasulani mosavuta, popeza palibe amene amafuna kulowa m'malo pa ngongole yodwala.

Ndidikira masiku angati?

Thumba lapadera limatuluka m'masiku ochepa. Ndalama zosunga za mwezi ndi mwezi zimafuna chidziwitso, kwina masiku 30, kwina 60 kapena 90. Chifukwa chake n'chakuti ndalama yanu sili m'kabati. Inabwerekedwa kwa mamembala anzanu, ndipo sako imadikira zobweza za kumapeto kwa mwezi kuti ikulipireni.

Masiku amayamba kuwerengedwa tsiku limene kalata yalandiridwa ku ofesi, osati tsiku limene munalemba. Pitani ndi makope awiri, limodzi adinde chidindo ndi tsiku, mubwerere nalo kunyumba. Uthenga wa pafoni kwa a wapampando, kapena kuwauza pakamwa mutakumana pa siteshoni ya basi, sikuyambitsa chilichonse. Dziwaninso tsiku limene komiti imakhala. Ngati imakhala sabata yoyamba ya mwezi ndipo inu mwapereka kalata pa 10, mwataya pafupifupi mwezi. Mayi wa feteleza uja akanachita bwino kulemba mu Ogasiti. Miyezi ya Novembala mpaka Januwale ndi imene mzere umatalika, chifukwa ulimi, Khirisimasi ndi zofunika za sukulu zimafika nthawi imodzi.

Ndikatapa ndimataya chiyani?

Choyamba ndi phindu la pachaka. Tiyerekeze kuti msonkhano waukulu wavomereza K10 pa K100 iliyonse. Ngati sako imawerengera ndalama imene ili m'buku pa 31 Disembala, K12,000 yotapidwa mu Okutobala yataya K1,200 yonse, ngakhale inagwira ntchito miyezi isanu ndi inayi. Ngati imawerengera mwezi ndi mwezi, yataya ya miyezi itatu yokha, K300. Funsani njira imene amagwiritsa ntchito musanasankhe mwezi wotapira.

Chachiwiri ndi mphamvu yobwereka. Pamene amabwereketsa kuwirikiza katatu, kutapa K12,000 kukutsitsa malire a ngongole yanu ndi K36,000. Masako ena amadulanso kandalama ka chindapusa, kapena amati wotapa adikire miyezi ingapo asanabwerekenso. N'chifukwa chake komiti nthawi zina imakuuzani kuti mungotenga ngongole yapangozi m'malo motapa. Si nthawi zonse pamene malangizowo ali abwino kwa inu. Ngati malipiro anu ali kale opanikizika ndi zodula, ngongole ina ingokumizani, ndipo kutapa n'kwabwino. Koma ngati mukufuna kubwereka ndalama yaikulu chaka chamawa, monga yomalizira nyumba, werengani kawiri.

Ndikufuna kutuluka ndithu. Ndiyambe kutapa kapena kutsanzika?

Ngati malamulo amalola kutapa gawo, nzeru yanga ndi yakuti muyambe kutapa yomasuka mukadali membala, chifukwa njira imeneyo ndi yaifupi. Kenaka malizani ngongole yanu, masulani amene munawaimira, ndipo mukatero mulembe kalata yotsanzika. Mukayamba ndi kutsanzika, zonse zimalowa m'ndondomeko imodzi yaitali, ndipo ndalama imene inali yomasuka imakhala ikudikira limodzi ndi yomangidwa. Koma musabise cholinga chanu mukafunsidwa, ndipo musalembe kuti zopereka zipitirire pamene mukudziwa kuti mwezi wamawa muziimitsa.

Kalata yotsanzika ikhale yakeyake, ndipo pakati pake pakhale mawu onga awa: "Ndikupereka chidziwitso chosiya umembala molingana ndi ndime (nambala). Ndikuvomera kuti ngongole iliyonse imene ndatsala nayo idulidwe pa ndalama zanga zosunga. Ndikupempha kuti zotsala zindipatsidwe, masheya anga achitidwe monga malamulo anenera, ndipo mundipatse sitetimenti yomaliza." Masheya musawayembekezere tsiku lomwelo. Kawirikawiri amadikira kuti mabuku a chaka awunikidwe, popeza masheya ndiwo amasenza chitayiko sako ikapanda kuchita bwino. Onetsetsaninso ngati wotuluka msonkhano waukulu usanachitike amalandira phindu la chaka chimene chatha. Kudikira miyezi iwiri nthawi zina kumakupezetsani phindu la chaka chonse.

Bwanji akupitiriza kundidula pamalipiro ndatsanzika kale?

Amene amadula ndi ofesi ya malipiro kuntchito kwanu, ndipo imaleka ikalandira chidziwitso kuchokera ku sako tsiku lotsekera malipiro a mweziwo lisanafike. Chikachedwa, mudulidwa mwezi wina umodzi kapena iwiri. Sungani mapeyisilipi a miyezi imeneyo, mulembe kalata yaifupi yotchula mwezi uliwonse ndi ndalama yake, yopempha kuti zibwezedwe. M'kalata yotsanzika momwemo mungaike chiganizo chakuti: "Ndalama iliyonse imene idzadulidwe pambuyo pa tsiku lotulukira ibwezedwe ku akaunti yomweyo."

Komiti yakana, kapena yangokhala chete. Nditani?

Pemphani yankho lolembedwa, lotchula ndime imene akanira. Kukana kwina n'koona, monga pamene ndalama yamangidwa ndi ngongole. Kwina ndi kwakuti sako ilibe ndalama m'manja mwezi umenewo, ndipo komiti yoona mtima imanena poyera n'kukupatsani tsiku, kapena kukulipirani m'magawo. Zikatero pemphani kuti magawowo ndi masiku ake alembedwe.

Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi pamene masiku a m'malamulo adutsa, tsiku lolipira likungosunthidwa, sitetimenti akukana kukupatsani, ndipo msonkhano waukulu sunachitike chaka chonse. Pamenepo lemberani komiti yoyang'anira, imene mamembala amaisankha padera kuti iziwunika komiti yoyendetsa. Zikakanika, tengani kope lodindidwa lija, sitetimenti ndi malamulo a sako, mupite nazo ku ofesi ya makopaletivi ya boma. Zimandipweteka kuona munthu amene anasunga zaka zambiri akulephera kuonetsa ngakhale tsiku limene anapempha ndalama yake, chifukwa chakuti anakhulupirira mawu apakamwa.

Kodi mkazi wanga kapena mwana wanga angakanditengere?

Komiti yosamala imalipira ku akaunti ya banki kapena nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina la membala. Ngati muli kumudzi kapena mwagonekedwa m'chipatala, lembani kalata yopatsa munthuyo mphamvu, yotchula dzina lake, nambala ya reji yake ndi ndalama yeniyeni imene akatenge, ndipo muyembekezere kuti mlembi akuimbirani kuti amve mawu anu. Munthu amene munamulemba pa fomu yolowera kuti adzalandire ndalama zanu mukadzamwalira alibe mphamvu yotapa mukadali moyo, ngakhale atakhala mwana wanu woyamba. Iyenso ayenera kubwera ndi kalata yanu.